Momwe mungaletsere mota kupyola liwiro lomwe mwaipatsa popanda kufooketsa kontirola

Mukatchuna kontirola ya PI, yomwe ili ndi gawo la P lotsata kusiyana kwa liwiro lofunika ndi loyezedwa, komanso gawo la I lounjika kusiyanako, kuti izibweza liwiro la mota msanga katundu akawonjezeka, vuto lina limatulukira: mukangosintha setipoyinti, yomwe ndi liwiro lomwe mukufuna, mota imathamanga n'kupyola kenaka n'kubwerera. Ambiri amathamangira kufooketsa kontirolayo. Kupyola kumachepadi, koma mota imayamba kuchedwa kudzuka ikalemedwa. Njira yabwino ndi kusiya kontirola ili yamphamvu, n'kuika fyuluta panjira ya setipoyinti yokha. Mukatero mumakhala ndi malo awiri otchunira: kontirola yolimbana ndi katundu, ndi fyuluta yosamalira kusintha kwa setipoyinti.

Titenge mota yomwe kontirola imailamula mphamvu yopotokolera, ndipo kukhulana kwake n'kochepa kwambiri. Liwiro la mota yotere limangokwera malinga ngati mphamvu ilipo, choncho m'masamu timailemba kuti `P(s) = 1/s`.

Yambani ndi katundu, setipoyinti muisiye kaye

Tchunani `Kp`, kukula kwa gawo la P, ndi `Ti`, nthawi ya gawo la I, mukuyang'ana chinthu chimodzi: liwiro likugwa bwanji katundu akabwera mwadzidzidzi, ndipo likubwerera mwachangu motani. M'chitsanzo chathu tisankha `Kp = 2` ndi `Ti = 2` masekondi. Mapolo onse awiri a lupu agwera pa −1, kutanthauza kuti lupuyo siyigwedezeka. Katundu yemwe akanatsitsa liwiro ndi 100 rpm pa sekondi iliyonse akabwera, liwiro limagwa ndi 37 rpm pakatha sekondi imodzi, ndipo pofika masekondi 10 palibenso chotsala chooneka.

Tsopano lamulani mota kuchoka pa 0 kufika pa 1000 rpm. Ifika pa 1000 pa sekondi imodzi, ipitirira mpaka 1135 pa masekondi awiri, kenaka itsika pang'onopang'ono. Yapyola ndi 13.5 peresenti, chonsecho mapolo ake ndi odekha.

Dziwani komwe kupyolako kukuchokera

Yankho lili m'fomula ya kuchoka pa setipoyinti kufika pa liwiro:

```
T(s) = (2s + 1) / (s + 1)^2
```

Cholakwa si cham'munsi ayi, ndi `2s + 1` wa pamwambayo, yemwe ndi `Ti*s + 1`, ziro yobwera ndi PI. Tinene mwa njira ina. Nthawi yonse yomwe mota ili pansi pa 1000, gawo la I limaunjika kusiyanako. Koma mota yopanda katundu ikafika pa 1000 siyifunanso mphamvu, ndiye zomwe zaunjikidwa ziyenera kuphwetsedwa, ndipo njira yokhayo yoziphwetsera ndi yoti liwiro likhaleko pamwamba pa 1000 kwa kanthawi. Pa mota yotere, PI wamba sangapewe kupyola, mungamutchune bwanji.

Onani zomwe zimachitika mukafooketsa kontirola pokweza `Ti` kufika pa 8. Kupyola kumatsika kufika pafupifupi 5 peresenti, zomwe zimasangalatsa pa sikirini. Koma katundu uja akabwera liwiro limagwa ndi 44 rpm, ndipo pakatha masekondi 10 limakhala lidakali pansi ndi 15 rpm. Mwagula kukongola kwa mphindi yoyambira ndi ulesi wa tsiku lonse, pomwe makina ambiri amasintha setipoyinti mwa apo ndi apo koma amalimbana ndi katundu nthawi zonse.

Ikani fyuluta, nthawi yake ifanane ndi Ti

Bwezerani `Ti` pa 2. Setipoyinti isanafike pomwe imachotseredwa liwiro loyezedwa ndi sensa, idutse mu fyuluta iyi:

```
F(s) = (b*Ti*s + 1) / (Ti*s + 1)
```

Cham'munsi mwa fyulutayi chimafafaniza ziro ija. Poti fyuluta ili kunja kwa lupu, katundu ndi phokoso la sensa sizidutsamo, ndipo mapolo sasuntha. Kugwa kwa 37 rpm kuja kumakhala chimodzimodzi.

Chotsala ndi kusankha `b`, nambala ya pakati pa 0 ndi 1. Mukaika 1, fyuluta siyichita kanthu. Mukaika 0, kupyola kumatheratu, koma mota imatenga pafupifupi masekondi 3.9 kuti ifike pa 900 rpm. Apa ndi pomwe ambiri amaimira n'kumadandaula kuti fyuluta imachedwetsa makina. Yesani 0.5. Pamwamba pa fyuluta pamakhala `s + 1`, yemwe amafafaniza polo imodzi, n'kutsala `1/(s + 1)`. Mota imafika pa 900 rpm m'masekondi 2.3 osapyola ngakhale pang'ono, ndipo imalowa mkati mwa 20 rpm kuchokera pa setipoyinti pa masekondi 3.9, pomwe yopanda fyuluta ija imatenga 5.4. Mphamvu yomwe kontirola imalamula mwadzidzidzi poyamba imatsikanso ndi theka, zomwe malamba ndi magiya amayamikira.

Pa makina enieni manambala sagwirizana bwino chonchi. Ine ndimayambira pa 0, n'kumakweza pang'onopang'ono mpaka kupyola kutayamba kuoneka, kenaka ndimabwerera m'mbuyo pang'ono.

Ilembeni mu pulogalamu

Apa `r` ndi setipoyinti, `y` ndi liwiro loyezedwa, `x` ndi nambala yomwe fyuluta imasunga, `rf` ndi setipoyinti yotuluka mu fyuluta, `e` ndi kusiyana kopita ku kontirola, pomwe `h` ndi nthawi ya pakati pa kuwerenga kumodzi ndi kotsatira, ndipo ikhale yaing'ono kwambiri poyerekeza ndi `Ti`.

```
a  = h / (Ti + h)
x  = x + a*(r - x)
rf = b*r + (1 - b)*x
e  = rf - y
```

Kontirola ilandire `e` monga kale. Ngati kontirola yanu ili kale ndi `b` wochepetsa setipoyinti pa gawo la P lokha, gwiritsani ntchito ameneyo, chifukwa pa PI zotsatira zake n'zofanana ndi za fyulutayi. Osaika zonse ziwiri.

Samalani ndi `x`. Pomwe kontirola ili pa `MAN`, kutanthauza kuti mota mukuilamula pamanja, muziika `x` ndi `r` kuti azifanana ndi liwiro loyezedwa. Mukapanda kutero, `x` amayambira pa 0, ndipo mukangosinthira ku `AUTO` mota yomwe imayenda bwinobwino imayamba yatsika kaye. Komanso wina akadzasintha `Ti` ya kontirola, ya fyuluta isinthe nayo. Ndi bwino zonse ziziwerenga nambala imodzi.

Yesani kawiri, ndipo dziwani pomwe fyuluta siyithandiza

Kuyesa koyamba ndi kwa katundu, fyuluta ilipo komanso itachotsedwa. Mizere iwiriyo iyenera kugonana ndendende. Ikasiyana, fyuluta yalowa mkati mwa lupu, kawirikawiri chifukwa yaikidwa pa `e` m'malo mwa `r`.

Kwachiwiri, sinthani setipoyinti pang'ono, kenaka kwambiri. Ngati kusintha kwakung'ono kukuyenda bwino koma kwakukulu kukupyola, yang'anani zomwe kontirola ikutulutsa. Zikakhala zagunda pa malire, gawo la I likuunjikabe pomwe mota singaperekenso mphamvu ina, ndipo chofunika ndi kuliletsa kuunjika pa nthawi imeneyo. Ngatinso liwiro limagwedezeka kangapo katundu akabwera, vuto lili mu lupu momwemo. Fyuluta ingolibisa pa kusintha kwa setipoyinti, choncho bwererani ku `Kp` ndi `Ti`.

Pali mtengo wina woti muuwerengere ngati setipoyinti yanu imakwera mosalekeza. Fyuluta imatsalira m'mbuyo ndi nthawi ya `(1 - b)*Ti`, yomwe m'chitsanzo chathu ndi sekondi imodzi. Setipoyinti ikamakwera ndi 100 rpm pa sekondi, mota imakhala m'mbuyo ndi 100 rpm ulendo wonse, pomwe popanda fyuluta ikanaipeza. Pa mota ziwiri zomwe ziyenera kukwera limodzi, zipatseni setipoyinti yochokera mu fyuluta imodzi. Pa lupu yamkati yomwe imalamulidwa ndi kontirola ina, fyuluta imakhala yalowa mu lupu yakunjayo ndipo imaichedwetsa, ndiye `b` asatalikire 1, apo ayi lupu yakunja itchunidwenso fyuluta ili m'malo mwake.