Momwe mungaphikire mang'ina a ng'ombe kuti afewe mpaka pa fupa

Mang'ina akalimba, ambiri timathamangira kuwonjezera makala. Koma madzi akangoyamba kuwira, satenthanso kupitirira apo ngakhale moto ukule bwanji. M'mbali mwa nyanja ya mchere madzi amawira pa madigiri 100, ndipo ku Lilongwe, komwe kuli pamtunda wopitirira pang'ono mamita 1,000, amawira pa madigiri 96 kapena 97. Moto waukulu umangophwetsa msuzi ndi kutha makala. Chimene chimafewetsa mang'ina ndi nthawi.

Chifukwa chake chili m'mene mwendo wa ng'ombe unapangidwira. Kuchokera pa bondo kutsika mnofu ndi wochepa kwambiri. Muli chikopa, mitsempha yoyera yolimba ija imene imalumikiza mnofu ndi fupa, ndi fupalo. Chikopa ndi mitsemphayo zinapangidwa ndi puloteni yotchedwa kolajeni, yomwe ili ngati chingwe chopotedwa ndi nkhosi zitatu. Ikatentha kufika madigiri 60 kapena 65 imayamba yakhwinyata ndi kulimba, n'chifukwa chake mang'ina owira ola limodzi amakhala ovuta kutafuna koposa. Ikakhala m'madzi otentha kwa maola angapo, nkhosi zija zimamasuka n'kusanduka jelatini, amene amachititsa msuzi kumata milomo.

Tiyerekeze kuti mwagula miyendo iwiri ndipo mukufuna kudyera nsima ya masana.

Ku butchala kapena pamsika, sankhani yosanunkha, yachikopa chosaterera. Pemphani kuti akudulireni ndi sowo, zidutswa za mulifupi wa zala zitatu. Nkhwangwa ndi chikwanje zimaphwanya fupa, ndipo tizidutswa take timathera mumsuzi, mwina m'kamwa mwa mwana.

Ngati miyendoyo ili ndi ubweya, iwauleni pa moto wa malawi mukuitembenuza, kenako palani ndi mpeni mpaka chikopa chioneke. Chigoba cha chiboda chimavuka mosavuta chikatentha, muchimenye ndi kumsana kwa mpeni. Patulani zala ziwiri za chibodacho mutsuke pakati pake, chifukwa m'mene mumabisala ndowe ndi matope. Ntchito imeneyi igwireni madzulo a dzulo lake, imadya nthawi.

M'mawa cha m'ma 6 koloko, ikani zidutswazo mumphika, thirani madzi ozizira mpaka zimire, muteleke pa moto wamphamvu. Zikawira mphindi 10 mudzaona thovu lotuwa pamwamba. Tayani madzi onsewo, tsukani nyama ndi mphika womwe. Musadandaule kuti mwataya zakudya, pa mphindi zochepazo kolajeni amakhala asanayambe kusungunuka. Chomwe chapita ndi magazi, mwaye ndi fungo la khola.

Musanatelekenso, patulani zidutswa za kumtunda kwa mwendo, zomwe zili ndi chibowo chachikulu chodzaza mafuta a m'mafupa. Mafuta amenewa ndi osiyana ndi mitsempha, amapsa m'mphindi 20 zokha. Mukawiritsa fupalo maola asanu, mudzapeza chibowo chili mbee, mafuta onse akuyandama pamwamba pa msuzi. Ngati zidutswazo zili ndi chikopa ndi mitsempha, zisendeni mubwezere mumphika, mafupawo musunge mufiriji kapena m'madzi ozizira a mchere pamalo pozizira. Amene sasamala zoyamwa fupa akhoza kungoponya zonse pamodzi.

Tsopano thirani madzi otentha apitirire nyama ndi zala ziwiri. Ponyanimo anyezi mmodzi wodula pakati, adyo ndi kachidutswa ka jinja. Ukawira, chepetsani moto. Pa mbaula, phulani makala ena kapena wazani phulusa pamwamba pake, madzi azingotumphuka pang'onopang'ono, osabwadamuka. Vindikirani. Pakatha ola lililonse suzumirani, ndipo ngati nyama yayamba kuonekera wonjezerani madzi otentha a m'ketulo. Madzi ozizira amazizitsa mphika n'kukutayitsani nthawi, ndipo chidutswa chimene chakhala kunja kwa madzi chimauma n'kulimba.

Alipo amene amathira soda kuti afulumize. Chikopa chimafewadi kunja, koma msuzi umamveka ngati sopo ndipo mtsempha wa mkati umatsala wolimba. Ine sindikulangizani. Ngati muli ndi changu, mphika wa phulesha, wotsekeka zolimba wosunga nthunzi mkati, ndiwo njira yoona, chifukwa mkati mwake kutentha kumafika pafupifupi madigiri 120, ndipo ntchito ya maola asanu imatheka mu ola limodzi ndi theka.

Pa moto wamba, mang'ina a ng'ombe amafuna maola 4 mpaka 6, malinga ndi msinkhu wa nyamayo. Ng'ombe yokalamba, makamaka yokoka ngolo, imachedwa. A mbuzi ndi a nkhumba amapsa m'maola 2 kapena 3. Wotchi isakunamizeni, yesani nyama. Cha m'ma 11 koloko vuulani chidutswa chokhala ndi mtsempha waukulu. Mtsempha wopsa umasiya kuyera n'kuyamba kuonekera mkati, foloko imalowa osalimbana nawo, ndipo tizifupa ta ku chiboda timapatuka tokha. Donthezaninso msuzi pa chala, uzizire pang'ono, mugundanitse ndi chala chachikulu. Zala zikamatana ndiye kuti jelatini watuluka. Ngati msuzi uli madzimadzi ndipo mtsempha ukubwerera mukaudina, patsani ola lina.

Zikafewa, yengulani mafuta a pamwamba ndi chipande. Tengani pang'ono pa mafuta omwewo mukazingire anyezi ndi matimati mu poto wina, muthire mumphika waukulu pamodzi ndi mchere ndi kambuzi. Mchere umadikira mpaka pano chifukwa msuzi umakhala ukuphwa m'mawa wonse, ndipo wothira koyambirira umatha kuwawa pomaliza. Apa ndi pomwe mubwezere mafupa a mafuta aja, muwaimike chibowo chiloze kumwamba, awire pang'onopang'ono mphindi 20 mpaka 30. Khalani pafupi, msuzi wa jelatini ukakhuthala umapserera msanga pansi pa mphika.

Za thanzi tinene mosabisa. Mang'ina ali ndi puloteni yambiri, koma kolajeni si puloteni yokwanira, imasowa chimodzi mwa zomangira zimene thupi silingapange lokha, chotchedwa triputofani. N'chifukwa chake kuphika mang'ina ndi nyemba kuli ndi nzeru, nyembazo zimakwaniritsa chosowacho. Ziviikeni usiku, muziponye mumphika kutatsala maola awiri. Komanso kolajeni amene mwadya sapita molunjika m'mawondo anu. Mimba imamugaya ngati puloteni ina iliyonse, ndipo kuti thupi lipange kolajeni wake limafuna vitamini C, choncho masamba kapena matimati asasowe pambali. Kashiamu wa m'mafupa sasungunukira kwenikweni mumsuzi ngakhale muwiritse tsiku lonse, usipa wodya ndi minga yomwe umapereka wochuluka kuposa apo. Mafuta a m'mafupa ndi mafuta basi mbali yaikulu. Amapatsa mphamvu, koma amene anauzidwa kuchipatala kuti achepetse zonona ayengule msuziwo bwinobwino, fupa asiyire ena.

Zotsala musazisiye mumphika pa mbaula yozima usiku wonse, msuzi wofunda wotere tizilombo timaswanamo msanga. Uthireni m'mbale zosaya kuti uzizire mofulumira, muike mufiriji pasanathe maola awiri. M'mawa mudzaupeza utagwirana, mafuta atauma pamwamba moti mutha kuwatokosola ndi supuni. Potenthetsa thirani madzi pang'ono, muwiritse mpaka ubwadamuke. Ngati mulibe firiji, phikani mwendo umodzi wokha woti uthe tsiku lomwelo.