Laputopu ikuchedwa kuyaka? Zimitsani izi, koma izi musazikhudze

Laputopu yangayi ndinagula yogwiritsidwa kale ntchito, ndipo inafika poti ukayiyatsa umadikira mphindi 6 chimausi chikungozungulira, magetsi nkuthima usanatumize nkomwe fayilo yomwe bwana akudikira. Vuto nthawi zambiri si vayirasi ayi, ndi mapulogalamu ambirimbiri omwe amadzuka limodzi ndi Windows, onse nkumalimbirana disiki imodzi.

Dinani Ctrl+Shift+Esc kuti Task Manager atseguke, pitani pa Startup (pa Windows 11 palembedwa Startup apps). Muona mndandanda wa mapulogalamu, ndipo kumanja kuli Startup impact. Yambani ndi omwe alembedwa High, amenewo ndiye akudya kwambiri. Pulogalamu ngati Spotify, Skype, Teams, Steam kapena uTorrent, dinani kumanja kwa mausi nkusankha Disable basi. Musaope, simunaichotse, mwangoiuza kuti idikire mpaka muitsegule nokha, komanso bando yanu ipumako chifukwa enawa akangodzuka amathamangira pa intaneti.

Zomwe ine ndimazisiya ndi Windows Security, antivayirasi, za mawu monga Realtek, ndi za tachipadi monga Synaptics kapena ELAN. OneDrive zimatengera inuyo, ngati mumadalira kuti mafayilo anu azisungika okha musiyeni. Mukapeza dzina lachilendo onani pa Publisher kuti anapanga ndani, pakakhala popanda kanthu dinani kumanja kwa mausi nkusankha Open file location muone komwe ikukhala. Yanga ndinapezamo timapulogalamu tiwiri "totsuka kompyuta" ndi ma antivayirasi awiri, zoikidwa ndi anyamata a pashopu pomwe ndinagula, amati ndi bonasi. Zimenezo kuzimitsa sikokwanira, zichotseni ndithu, antivayirasi atsale mmodzi.

Tsopano pa masevisi, apa ndiye ndikupemphani muwerenge modekha chifukwa ine ndinapsa nazo. Masevisi ndi tizinthu togwira ntchito mobisika, tilibe windo loti muone. Dinani batani la Windows ndi R pamodzi, mulembe izi nkudina Enter:

```
msconfig
```

Pitani pa Services. Pansi kumanzere pali kabokosi kolembedwa Hide all Microsoft services. Chongani kameneko musanakhudze china chilichonse. Ine tsiku limenelo ndinali pachangu, sindinachonge, ndinangodina Disable all nkuyatsanso. Inayaka mwachangu inde, koma wayifayi kunalibe, ngakhale dzina la netiweki imodzi silimaoneka, kasipika kapakona kali ndi chizindikiro chofiira, pulinta nayo zii. Ndinali nditazimitsa WLAN AutoConfig yomwe imayendetsa wayifayi, Windows Audio ya mawu, ndi Print Spooler ya pulinta. Mwayi wanga ndimalowa ndi pasiwedi, chifukwa amene mumalowa ndi PIN mutha kutsekeredwa panja penipeni, PIN nayo imadalira masevisi a Microsoft omwewo. Ndinakhala usiku wonse mtima uli mmwamba poti ntchito ya mawa inali mmenemo, intaneti yofufuzira ili pafoni pokha. Chinandipulumutsa nkubwerera mu msconfig, kudina Enable all, kuyatsanso, zonse nkubwerera.

Mukachonga kabokosiko otsalawo ndi a makampani ena, komabe si onse ozimitsa. A Intel, AMD, NVIDIA, Realtek ndi a antivayirasi asiyeni, ambiri amayendetsa zida zamkati mwa makinawo. Oti mungazimitse ndi monga Adobe Acrobat Update Service, kapena a pulinta ndi dongo yakale ya intaneti yomwe munataya kalekale, kungoti ya Adobeyo mukaizimitsa muzikumbuka kuchita nokha apudeti. Zimitsani awiri kapena atatu, yatsaninso, yesani mawu ndi wayifayi, kenako ena. Chikafa china mudziwa msanga wolakwa. Pomwe mukukayika ine ndimakonda kulowa mu `services.msc` kudzera pa Windows ndi R momwemo nkusintha Startup type kukhala Manual osati Disabled, kuti pulogalamu ikaifuna sevisiyo ithe kuidzutsa.

Poyesa nthawi gwiritsani Restart osati Shut down, chifukwa Fast Startup ya Windows imasunga zina mukapanga Shut down ndiye imakunamizani. Yanga inatsika kufika pa mphindi ziwiri.

Ikamachedwabe, onani Performance mu Task Manager momwemo. Disk ikakakamira pa 100% nthawi yaitali ndipo ndi HDD, disiki ya mtundu wakale yozungulira mkati, kuzimitsa zinthu kwafika pomwe kumathera, gulani SSD, disiki yachangu yosazungulira, ngakhale ya 256GB ikwana. Mitengo imasinthasintha ndi kwacha ndiye funsani mashopu atatu, ndipo yotchipa modabwitsa yopanda paketi isiyeni, ena amagulitsa zotopa kale ngati zatsopano. Auzeni ayiike muli pompo, muone kukula kwake pasikirini, mutenge lisiti.