Makope a detabesi omwe ndinayenera kutseka

Mu pulogalamu yathu yolandirira maoda, manambala a foni ndi maadiresi a makasitomala anali otetezeka mu detabesi, koma kope la usiku uliwonse lochokera ku `pg_dump` linkagwera mu foda yomwe ogwira ntchito onse amatsegula. Failoyo inali mawu wamba. Ndinaitsegula, kulemba dzina la msewu umodzi, maadiresi n'kutuluka mbwee.

Tsopano kope limatsekedwa lisanafike pa disiki:

```
pg_dump maoda | gpg --encrypt -r makope > maoda.sql.gpg
```

Pa seva pamakhala kiyi yotsekera yokha. Yotsegulira ili kwina, kwa anthu awiri, choncho wobera sevayo apeza mafailo osawerengeka. Vuto lake n'lakuti kiyi yotsegulirayo ikatayika, makope onse apita, ndiye mwezi uliwonse ndimatsegula kope limodzi pa kompyuta ina n'kuwerenga ngati maoda akwana. Makope akale osatsekawo ndinawafufuta.

Kwa ogwira ntchito zinali zachidule. Aliyense ndinam'patsa akaunti yakeyake, chifukwa pasiwedi yogawana siiulula amene waona chiyani. Olongedza katundu amaona manambala atatu omaliza a foni basi, ndipo woperekera katundu amaona adiresi ya oda yomwe wapatsidwa tsikulo. Wina akasiya ntchito, akaunti ndimaitseka tsiku lomwelo.