Momwe mungafufuzire themokapo yonama pa chowumitsira tiyi

M'mafakitale a tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje, tiyi akamatuluka wopserera pomwe mita ya pa chowumitsira ikuwonetsa kutentha koyenera, ambiri amathamangira kusintha themokapo. Musanatulutse yatsopano ku sitolo, yambani mwafufuza waya wochokera pa themokapoyo kupita ku mita, chifukwa nthawi zambiri bodza limabadwira pamenepo.

Themokapo ndi mawaya awiri a zitsulo zosiyana omwe adawotchereredwa pamodzi kunsonga. Imatulutsa mphamvu yamagetsi yochepa kwambiri molingana ndi kusiyana kwa kutentha pakati pa nsongayo ndi pomwe mawayawo athera. Mita imayeza yokha kutentha kwa pamalo pomwe ili, n'kuwonjezera kuti ipeze kutentha kwa kunsonga.

Choyamba dziwani mtundu womwe muli nawo. Wofala kwambiri ndi K, wopirira mpaka madigiri pafupifupi 1,200. Mtundu wa J uli ndi waya umodzi wachitsulo, ndipo ndi chinyezi cha kuno nyengo ya chiperoni suchedwa kuchita dzimbiri. Mtundu wa T uli ndi waya wa kopa, umalekezera pa madigiri 350 koma chinyezi suchiopa. Ngati zolemba zidafufutika, tengani maginito: pa J amakoka mwamphamvu waya wa +, pa K amakoka pang'ono waya wa −, pa T sakoka uliwonse. Utoto wa mawaya musaudalire kwambiri. Pa dongosolo la IEC, K ndi wobiriwira, J wakuda, T wabulawuni, ndipo waya woyera ndiye −. Pa zipangizo za dongosolo la ku Amereka, waya wofiira ndiye −, zomwe zimasokoneza amisiri ozolowera kuti wofiira ndi +.

Kenako onani ngati mita idatcheredwa pa mtundu womwewo. Pa madigiri 100, K imapereka 4.096 mV pomwe J imapereka 5.269 mV, ndiye K yolumikizidwa ku mita yotcheredwa pa J imawonetsa kutentha kochepera komwe kulipodi.

Tsopano yesani mitayo payokha. Zimitsani magetsi, chotsani mawaya a themokapo, lumikizani potsekera pa mita pawiripo ndi kawaya ka kopa, n'kuyatsanso. Iyenera kuwonetsa kutentha kwa m'panelomo. Ikatero, nthawi zambiri mita ilibe mlandu.

Apa ndiye pofunika kudekha. Tsegulani chivundikiro cha pamutu pa themokapo, muone waya wopita ku panelo. Uyenera kukhala waya wowonjezera wa mtundu womwewo. Zimachitika kuti makoswe akadula waya pakati pa sizoni, wina amangolumikizapo waya wamba wa kopa kuti ntchito isaime.

Tiyerekeze mpweya wolowa m'chowumitsira uli pa madigiri 120, mutu wa themokapo ya K uli pa 50 chifukwa wayandikana ndi chitsulo chotentha, ndipo m'panelo muli 30. Pa tebulo la K lowonetsa mphamvu yotuluka pa kutentha kulikonse, 120 ndi 4.920 mV, 50 ndi 2.023 mV, 30 ndi 1.203 mV. Ndi waya wa kopa, themokapo yathera pamutu paja, choncho ku mita kumafika izi:

```
4.920 − 2.023 = 2.897 mV
2.897 + 1.203 = 4.100 mV
```

Mita yawonjezera za madigiri 30 zokha, ndipo 4.100 mV ikutanthauza madigiri 100. Madigiri 20 asowa, omwe ndi kusiyana kwa pamutu ndi m'panelo. Woyendetsa makina akaona 100 amawonjezera moto mpaka mita inene 120, pomwe mpweya wafika cha m'ma 140. Chizindikiro chake n'chakuti m'mawa makina akadali ozizira cholakwikacho chimachepa, n'kumakula pamene mutu uja ukutentha.

Waya woyenera ukalumikizidwa motembenuza kumbali zonse ziwiri, zimaipa kuposa pamenepo. Nambala imakwerabe moto ukamakwera, ndiye palibe amene amakayika, koma cholakwika chimawirikiza kawiri: pa chitsanzo chathuchi mita ingawonetse pafupifupi 80. Yesani ndi maginito kumutu ndi kupanelo, muone ngati waya wokokedwa wakhala pamalo ake.

Waya ukakhala bwino, onani mmene themokapo yalowera. Nsonga ilowe mumpweya mtunda wosachepera kakhumi kunenepa kwa chikopa chake, apo ayi khoma la paipi limaiziziritsa. Wayayo asayendenso mumsewu umodzi ndi mawaya a mota za mafani, chifukwa nambala imayamba kudumphadumpha.

Pomaliza zulani themokapoyo muiyese m'madzi osakaniza ndi ayisi wophwanya, iwonetse pafupi ndi 0. Mukaiyesa m'madzi owira musayembekezere 100, pakuti kuwira kumatsika pafupifupi digiri imodzi pa mamita 300 aliwonse okwera, ndiye kuno 97 kapena 98 ndi yankho labwino. Ikaphonya ndi madigiri angapo pa mayeso awiriwa, pamenepo lembani pepala loitanitsa ina ku sitolo.