P/E ikatsika musathamangire kuti sheya yatchipa

Chaka chino ndayenda m'makalabu a alimi a tiyi ndi m'magulu a banki mkhonde kuyambira ku Chitakale mpaka ku Limbuli, ndipo ndakumana ndi chinthu chomwe chikundisowetsa tulo. Anthu ayamba kugula masheya pa msika wa masheya wa ku Blantyre, ndipo zimenezo ndilibe nazo vuto. Chomwe chandidetsa nkhawa ndi kasankhidwe kake. Munthu akuyang'ana mndandanda wa makampani pa foni, n'kufufuza pomwe palembedwa P/E, n'kutenga kampani ya nambala yaing'ono kuposa onse. Basi. Ukamufunsa akuti, "Imeneyi ndiye yotchipa, ndalama yanga ibwerera msanga."

Kawerengedwe ka nambalayi n'kosavuta. Mumatenga phindu lomwe kampani yapeza pa chaka itachotsa msonkho, n'kuligawa ndi chiwerengero cha masheya ake onse. Chomwe chatuluka ndi phindu la sheya imodzi, lomwe m'malipoti amalemba kuti EPS. Kenako mtengo wa sheya wa lero mumaugawa ndi phindu la sheya imodzilo.

```
P/E = mtengo wa sheya ÷ EPS
```

Tiyerekeze kampani yomwe yapeza K30 biliyoni ndipo ili ndi masheya 1 biliyoni. Sheya iliyonse yabala K30. Ngati sheyayo ikugulitsidwa K120, P/E ndi 4. Kutanthauza kuti mukulipira K4 pa K1 iliyonse ya phindu la chaka chatha.

Mawu akuti chaka chatha amenewo ndi omwe anthu akuwadumpha. Pamwamba pa samuyi pali mtengo wa lero, koma pansi pali phindu la chaka chomwe chinatha kale. Inu simukugula chaka chathacho. Mukugula zaka zikubwerazi, ndipo za zimenezo nambalayi siyankhula kanthu.

Ife a kuno sitiyenera kuvutika kumvetsa zimenezi. Amene munaona minda ya nthochi ku Thyolo matenda a chisaka asanalowe mukudziwa. Munda womwe unatulutsa mikoko yambiri chaka chatha, mwini wake n'kumaugulitsa motchipa, mlimi wanzeru amayamba walowamo kukaona masamba. Kutchipako nthawi zina kumakhala chifukwa choti mwini wake waona kale zomwe inu simunaone. Pa msika wa masheya n'chimodzimodzi. P/E imatsika chifukwa anthu sanaizindikire kampani yabwino, komanso imatsika chifukwa omwe awerenga lipoti aona kuti phindulo silibwereranso ndipo akukana kulipira zambiri. Nambala yake imaoneka yofanana m'njira ziwiri zonsezi.

Bambo ena achikulire omwe amalima tiyi ndi zinanazi m'munsi mwa phiri anandipeza titamaliza msonkhano wa kalabu. Kampani yake sindiitchula, ndipo manambala ndawasalaza kuti samu iyende bwino, ndi omwe aja ndayamba nawo. Anasonkhanitsa bonasi ya masamba ndi ndalama ya mbuzi zomwe anagulitsa, zinakwana K600,000, n'kugula masheya 5,000 pa K120.

"Alangizi, mwana wanga anandiwerengera kuti P/E ikakhala 4 ndiye kuti pa zaka zinayi ndalama yonse yabwerera. Ndiye ine ndimadikira K150,000 chaka chino. Koma zomwe zalowa ku akaunti sizikukwana ndi thumba la feteleza lomwe. Kodi andibera?"

Ndinawauza kuti, "Bambo, palibe wakuberani. Tiyeni tione lipoti."

Tinapezamo zinthu ziwiri. Choyamba, K30 ija si ndalama yomwe imabwera m'thumba mwanu. Ndi phindu la kampani, ndipo akuluakulu oyendetsa kampani ndi amene amanena kuti eni masheya agawane zingati, zotsala n'kukhala mu bizinesi. Kampaniyi inagawa dividendi ya K4 pa sheya. Masheya 5,000 ndi K20,000, msonkho usanachotsedwe. Pa mlingo umenewo K600,000 ingabwerere pa zaka 30, osati zinayi. Kusunga phindu mu kampani si kulakwa ayi, mwina akumangira fakitale yomwe idzabale mtsogolo. Koma munthu yemwe akufuna ndalama ya sukulu fizi chaka ndi chaka amayenera kudziwa asanagule.

Chachiwiri ndiye chinawapweteka mtima. Pa K30 biliyoni ija, K18 biliyoni sinachokere ku malonda a tsiku ndi tsiku. Kampani inagulitsa nyumba yake ina, ndipo nyumba zotsalazo anaziwerengeranso mtengo n'kulemba kukwerako ngati phindu. Nyumba sugulitsa kawiri, ndipo mtengo wongokwera pa pepala sugula kanthu. Phindu la ntchito yeniyeni linali K12 biliyoni, ndiye kuti K12 pa sheya. Tengani K120 mugawe ndi 12, P/E yeniyeni ndi 10. Zili ngati mlimi wagulitsa ng'ombe n'kumauza anthu kuti munda wake wa tiyi wabala ndalama yonseyo. Pomwe timakambirana mtengo unali utatsika kufika K90, masheya awo aja ali pa K450,000. Atati agulitse lero ataya K150,000, ndalama yomweyo yomwe amadikira kuti alandire.

Chimene chimandikwiyitsa ndi chizolowezi chathu chakale chogula chinthu chifukwa mnzathu wanena. Mbuzi pa msika wa Luchenza timaiyang'ana mano, timaigwira pamsana, timafunsa ngati inaberekapo. Koma K600,000 tikuipereka kwa broka, wotigulira masheya, chifukwa cha nambala imodzi yomwe wina watumiza pa gulu la WhatsApp. Lipoti lomwe kampani imasindikiza m'nyuzipepala tikukulungira usipa.

Palinso ngongole, zomwe P/E sionetsa n'komwe. Makampani awiri angathe kukhala ndi P/E yofanana, ina ilibe ngongole, ina ili ndi ngongole ya madola. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, yemwe anali ndi ngongole ya madola anadzuka m'mawa ngongoleyo itakula kwambiri akaiwerengera m'makwacha. Ndiponso zaka ngati 2023 ndi 2024, pomwe mitengo ya zinthu imakwera kupitirira 20 peresenti pa chaka, kampani yomwe phindu lake lakwera ndi 10 peresenti yabwerera m'mbuyo ngakhale pa pepala ikuoneka kuti yakula.

Tsono chitani izi musanagule. Funsani broka wanu kuti EPS yomwe yagwiritsidwa ntchito ndi ya chaka chiti, chifukwa makampani satseka mabuku mwezi umodzi: ambiri ndi Disembala, koma Illovo ndi Ogasiti. Onani phindu la zaka zitatu kapena zisanu, osati chimodzi, ndipo pomwe ladumpha mwadzidzidzi funsani chomwe chalidumphitsa. Werengani dividendi payokha. Banki muiyerekeze ndi banki inzake, osati ndi kampani ya shuga kapena ya mafoni. Mukapeza malo a P/E palibe nambala, kawirikawiri ndiye kuti kampaniyo sinapeze phindu chaka chimenecho. Amene lipoti likukuvutani kuwerenga, bwerani nalo ku msonkhano wa kalabu pamodzi ndi cholembera, tidzagawe limodzi pa bolodi.