Anaonera kanema wanu koma sanagule: muwauze chiyani ulendo wachiwiri?

Amalonda ambiri akaona kuti kanema wawo wa pa Facebook waoneredwa koma katundu sakuyenda, amangowonjezera ndalama kuti kanema yemweyo abwererenso kwa anthu omwewo. Kumeneko n'kutaya ndalama. Munthu amene anaonera kale akudziwa chimene mukugulitsa. Chilipo chimene chinamuletsa kugula, ndipo kanema wachiwiri ntchito yake ndi kuyankha chimenecho basi.

Tiyerekeze kuti mumagulitsa nyali za sola ku Lilongwe, ndipo kanema woyamba anali wa masekondi 40, mtengo unatchulidwa pa sekondi ya 28, ndipo ofuna kugula amakupezani pa WhatsApp. Musanalembe mawu alionse, agaweni kaye oonerawo. Mu Ads Manager, chida cha Facebook choyendetsera zotsatsa malonda, pangani Custom Audience, gulu la anthu losankha nokha, musankhe Video. Mudzapatsidwa magulu: amene anaonera masekondi atatu, masekondi 10, mpaka amene anafika pa 25%, 50%, 75% kapena 95% ya kanemayo. A masekondi atatuwo asiyeni. Makanema a pa Facebook amayamba okha munthu akungodutsa, choncho ambiri m'gululi sakukumbukirani n'komwe. Tengani a 75%, chifukwa awa anafika pa sekondi ya 30, kutanthauza kuti mtengo anaumva, nkuchoka. Facebook imalola kubwerera m'mbuyo mpaka masiku 365, koma pa katundu ngati nyali ine ndimalangiza masiku 14 kapena 30. Kupitirira apo munthu amakhala atagula kale kwina.

Nanga chinawaletsa n'chiyani? Musalote. Tsegulani WhatsApp muwerenge mauthenga a anthu amene anafunsa kenako n'kukhala chete. Funso lomaliza asanasowe ndiye mutu wa kanema wanu. Pa malonda a pa intaneti kwathu kuno, kawirikawiri vuto silikhala mtengo weniweniwo ayi, koma mantha otumiza ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba kwa munthu amene sunamuonepo nkhope. Ngati ndi zimenezo, kutsitsa mtengo sikuthandiza, mwinanso kumangowonjezera chikayiko.

Mawu a kanema wa masekondi 20 woyankha manthawa angakhale otere. Mwini malonda waima pakhomo pa shopu, chikwangwani chikuoneka, ndipo akuyamba: "Mukuopa kutumiza ndalama nyali osabwera? Musatumize." Kenako akuyatsa nyali ija pamaso pa kamera: "Ngati muli mu Lilongwe, timakubweretserani, muiyatse nokha, mulipire mwakhutira." Pomaliza: "Lembani mawu oti NYALI pa WhatsApp, mutiuze dera lanu." Onani kuti palibe moni wautali, palibe kubwereza ubwino wa sola. Chiganizo choyamba ndi nkhawa ya woonerayo m'mawu ake omwe, ndipo chopempha kumapeto ndi chimodzi, chopepuka kuposa kulipira. Mawu onsewa alembedwenso pa kanemapo, poti ambiri amaonera foni ili chete, m'minibasi kapena kuntchito.

Mafunso akakhala a batire, mawu asinthe. Jambulani nyali ikuyatsidwa madzulo wotchi ili pambali, mudule, muonetse wotchi yomweyo usiku nyali ikuwalabe, ndipo mutchule maola enieni amene munayesa, osati olembedwa pa katoni. Akakhala a ndalama, nenani za kulipira m'magawo awiri ngati mumalola, kapena ikani kanemayo masiku a malipiro kumapeto kwa mwezi. Nkhawa imodzi, kanema mmodzi. Ndipo musayambe ndi mawu oti "Taona kuti munaonera kanema wathu", anthu amaona ngati mukuwazonda.

Pamene ambiri amagwa ndi apa: malonda otsirizidwa pa WhatsApp, ndalama n'kulowa pa foni, Facebook siyiwaona yokha. Ndiye amene anagula dzulo akhoza kuona lero kanema wolonjeza zimene iye sanapatsidwe, n'kubwera kudzadandaula m'makomenti pamaso pa onse. Sungani manambala a ogula amene anavomera kuti muwasunge, muwalembe moyamba ndi 265 m'malo mwa ziro, muwakweze ngati Customer list, kenako gululi mulichotse pa oonetsedwa kanema wachiwiri. Si onse adzapezeke, chifukwa ena nambala yogulira si imene anatsegulira Facebook, koma vutolo lichepa.

Gulu la 75% limakhala laling'ono, choncho ndalama yambiri imangochititsa kuti anthu omwewo aone kanemayo mobwerezabwereza. Yang'anani Frequency, nambala yosonyeza kuti munthu mmodzi waonetsedwa kanemayo kangati, masiku awiri alionse. Ikamakwera kudutsa kanayi kapena kasanu pa sabata, mauthenga a pa WhatsApp osawonjezereka, chepetsani ndalama ya pa tsiku, kapena muike kanema woyankha nkhawa ina. Mauthenga akamabwera koma anthu n'kumasowanso pakati pa macheza, kanemayo wagwira ntchito yake. Konzani mmene mukuyankhira pa WhatsApp.