Mwagulitsa soya Lachisanu, ndalama n'kufika Lachitatu: chimachitika n'chiyani?

Alimi anzanga, nyengo yogulitsa mbewu ikafika timamva madandaulo akuti wogula wanama, chifukwa akuti watumiza ndalama koma mu akaunti mulibe kanthu. Musanakangane naye, yambani mwafunsa kuti watumiza nthawi yanji komanso kudzera njira iti.

Ngati inu ndi wogulayo muli banki imodzi, ndalama nthawi zambiri zimalowa pompopompo. Mabanki akasiyana nkhani imasintha. Wogula akasankha EFT, imene ndi njira yotumizira ndalama kuchokera ku banki ina kupita ku ina, ndalamazo siziyenda zokha. Banki yake imaziphatikiza ndi malipiro a anthu ena n'kuzitumiza pamodzi ku Zambia Electronic Clearing House, kumene mabanki amawerengerana ngongole zawo, kenako banki yanu imaziika mu akaunti mwanu. Zimenezi zimachitika masiku a ntchito, ndipo banki iliyonse ili ndi ola limene imalekera kulandira malipiro a tsikulo. Zili ngati basi ya ku Lundazi: mukaipeza itanyamuka, tikiti muli nayo inde, koma muyenda mawa.

Tiyerekeze kuti mwagulitsa matumba a soya a K18,000 mu Chipata Lachisanu pa 3 Julaye 2026. Banki ya wogula imatseka malipiro a EFT nthawi ya 15:00, iye watumiza 16:20. Pafoni yake ndalama zachoka, ndipo uthenga wakuonetsani. Koma banki iwerenga malipirowo ngati a tsiku lantchito lotsatira. Loweruka ndi Lamlungu mulibe. Lolemba pa 6 ndi holide ya Ngwazi, Lachiwiri pa 7 ndi holide ya Umodzi. Tsiku lantchito lotsatira ndi Lachitatu pa 8, ndipo ndalama zingalowe tsikulo kapena m'mawa mwake. Inu mwawerenga masiku asanu, pamene kwa banki silinathe n'limodzi lomwe. Nthambi ina ikatsegula Loweruka m'mawa isakupusitseni. Kumeneko n'kuthandiza anthu pakauntala chabe.

Samalaninso Lolemba loyamba la Ogasiti, tsiku la alimi, komanso holide ikagwera Lamlungu, poti imasamukira Lolemba.

Pemphani wogula chikalata cha umboni wa malipiro. Onanipo tsiku ndi ola, nambala ya akaunti yanu manambala onse, ndi nambala ya malipirowo. Pakalembedwa Value Date, limenelo ndi tsiku limene banki yawerengera malipirowo. Masiku awiri a ntchito akadutsa popanda kanthu, wotumizayo apite ku banki yake ndi nambala ya malipiro ija akafufuze, chifukwa iyeyo ndiye angayambitse kufufuzako. Nambala ya akaunti ikalakwika, ndalama zimatha kubwerera kwa iye.

Ine ndimalangiza kuti mugwirizane njira yolipirira matumba asanakwere lole. Ngati ndi Lachisanu masana, funsani ngati angatumize mwa njira ya pompopompo yodzera pa National Financial Switch, makina olumikiza mabanki a m'Zambia, kapena pa mobailo mane, ngakhale izi zili ndi malire a ndalama patsiku. Zikakanika, matumba agone kwanu mpaka muone ndalama mu akaunti yanu, osati pa chithunzi cha pafoni ya wogula.